"Takhuta" wa mu Fayilo ya Hilario

Alimi a pa sikimu ya mthirira ya kufupi ndi Bangula ankanena kuti fayilo ya Hilario Semba, woyendetsa pampu, inali yodzaza ndi makalata omuyamikira. Koma pa 4 Malichi 2024 munali mapepala atatu okha: kope la chitupa cha unzika, mgwirizano wa miyezi isanu ndi umodzi umene unkangowonjezeredwa, ndi kalata yomuchenjeza chifukwa chochedwa ku ntchito mu 2019.

Amene anatsegula fayiloyo anali Mayi Priska Fombe, kalaliki wosunga mbiri za ogwira ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za mu ofesi ya malata imeneyo zinawathera maso, ndipo zinawaphunzitsa kuti chiyamiko cha pakamwa chimapita ndi mphepo. Tsopano panali malo amodzi a ntchito yokhazikika, oyendetsa pampu aganyu ali awiri: Hilario ndi mnzake. Osankha anali akomiti ochokera ku Blantyre, anthu oweruza ndi mapepala. Wotsalayo ntchito ikanamuthera mu Epulo.

Mayi Fombe anafufuza mauthenga a pa gulu la WhatsApp la sikimuyo. Ambiri anali opanda kanthu: "Zikomo achimwene", "Mwagwira ntchito", kapena kachithunzi ka chala chachikulu. Zoterezi sizilowa mu fayilo. Kalata yoyamikira imafuna tsiku, chimene munthu anachita, phindu lake, mboni, ndi siginecha ya bwana wake. Uthenga umodzi wokha, wa mu Okutobala, ndi umene unali ndi poyambira. Anaulemba Mayi Agnesi Thete, wapampando wa alimi a m'munsi mwa ngalande: "Baba Hilario, takhuta maningi. Ana athu adya chifukwa cha inu."

Mayi Fombe anausindikiza n'kupita nawo kwa manijala, Bambo Gilbert Kamwendo, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Dedza. Iwo anawerenga kawiri, nkhope n'kusintha.

"Mayi Fombe, mukufuna ndiyamikire kuba? Munthuyu amasunga makiyi a nyumba ya pampu, momwenso timaikamo chimanga cha mbewu. Anthu akuti akhuta. Akhuta chiyani?"

"Bwana, chimenecho n'Chisena. Takhuta maningi ndiye kuti zikomo kwambiri."

"Zikomo wa mtundu wanji wotchula mimba?"

Mayi Fombe sanatsutse. Anatopa nako kufotokozera mabwana atsopano zinthu zomwezomwezo. Anangoimba foni kwa Mayi Thete n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Amayi, abwana akufunsa ngati Hilario anakugawirani chimanga."

Kuseka kwa mayiyo kunadzaza ofesi. "Hilario? Wowonda ngati bango uja? Akanakhala wogawa chimanga bwenzi atayamba wadzigawira yekha! Auzeni abwana anuwo kuti namasupuni anatseka paipi yokokera madzi mu Shire, chimanga chathu chili pa ngaiyaye. Iyeyo analowa m'madzi masiku atatu kuzula ndi manja, ife tikumuyang'anira ng'ona. Abwanawo anali kuti?"

"Ndinali ndisanabwere, mayi," anayankha a Kamwendo motsitsa mawu.

"Ndiye takhutani kuti simunalipo!"

Ngakhale zinali choncho, Mayi Fombe sanalembe msanga. Anatsegula buku la pampu n'kupeza kuti makinawo anaima pa 17 Okutobala n'kuyambanso pa 19. Anawerenga m'kaundula mabanja a mbali imeneyo: makumi anayi ndi awiri. Anafunsanso wosunga katundu, amene anatsimikiza kuti matumba a mbewu anali okwanira. Kenako analemba ziganizo zisanu m'Chingerezi, chilankhulo cha mafayilo, zonena masikuwo, ntchitoyo, mabanjawo ndi dzina la mboni. Uthenga wa Mayi Thete anaumata kumbuyo, pansi pake n'kulemba tanthauzo la mawu a Chisena aja.

A Kamwendo, pofuna kufafaniza manyazi, anati, "Onjezerani kuti ndi ngwazi yosaopa imfa."

"Ayi bwana. Akomiti akaona mawu onenepa amakayikira kalata yonse. Ndiponso munthu wolowa m'madzi a ng'ona wopanda bwato, ena angati anaphwanya malamulo a chitetezo. Ndalemba zimene tingathe kuikira umboni, kuphatikizapo kuti alimi ankamulondera."

Manijala anasaina. Hilario anaitanidwa kudzalandira kope lake ndi kusainira kuti waliona. Anamvetsera Mayi Fombe akumumasulira, chipewa chili m'manja.

"Basi, ndi zomwezi, mayi? Masiku atatu aja akwana pa theka la pepala?"

"Akwana. Sainani apa, musadetse ndi girisi."

Pa 2 Meyi 2024 Hilario Semba anasaina mgwirizano wa ntchito yokhazikika. Kuyambira mwezi umenewo, uthenga uliwonse wa m'Chisena wofika pa tebulo la manijala umadutsa kaye kwa Mayi Fombe kuti aumasulire, pamwamba pa ntchito zawo zonse.