Manja a Vainess ndi Mawu a Pansi pa Vidiyo

Vainess Tembo anabadwira ku Chowa, komboni ya ku Kabwe, koma lilime analitengera kwa makolo ake a ku Petauke. Chibemba, chilankhulo cha anthu ambiri ku Kabweko, amachimva ndithu, kungoti akachiyankhula anthu amayamba amwetulira kaye asanayankhe. Amagwira ntchito m'sitolo ya anapiye ndi zakudya za nkhuku m'tauni ya Kabwe. Ndi iye anayambitsa timavidiyo ta pa tsamba la Facebook la sitoloyo: manja ake okha akuoneka, mawu ake akufotokoza m'Chinyanja mmene ungafunditsire anapiye mu Juni kapena kusungunula katemera. Pa ntchito zonse za m'sitolomo, iyi yokha ndiyo ankaikonda.

Ndiye tsiku lina Ba Robson, eni sitolo, anayang'ana ziwerengero za tsambalo n'kupukusa mutu. Anthu ambiri ankathawa vidiyo isanapite patali.

"Kuno ni ku Kabwe, mayo, si ku Petauke," anatero. "Kuyambira next month azikamba ni Fridah, mu Chibemba."

Fridah, wa pakauntala, analibe nazo ntchito nkhuku, ngakhale kugwira mwanapiye ankachita kunyansidwa. Zinamupweteka Vainess, koma sanakangane. Anapempha kuti ayese kaye chinthu chimodzi: mawu akhale ake omwewo, koma pansi pa vidiyo pazilembedwa Chibemba.

"Tiyese tione, ba boss. Ma numbers akakana, nizasiya neka."

Kuyesako sikunali kophweka ngati kukunena. Vidiyo yoyamba ya Chibemba anaiika Loweruka la kumapeto kwa mwezi, aliyense ali ndi bandulo ya intaneti, ndipo inathamanga bwino. Yopanda Chibemba inalowa pakati pa sabata, magetsi atazima theka la tauni. Vainess anaona yekha kuti apa sanayese chilankhulo, anayesa malipiro ndi magetsi. Anayambiranso: tsiku lofanana la sabata, ola lofanana, utali wofanana, nkhani zofananako, sabata ino ya Chibemba pansi, yamawa yopanda.

Ntchito yake inali yotopetsa zedi. Pulogalamu ya pafoni yodzilembera yokha mawu inkamva Chinyanja chake n'kulemba Chizungu cha misala. Choncho mzere uliwonse ankaulemba pamanja, Fridah akumuuza Chibemba chake uku akupatsa anthu chenji, kenako n'kuukokera ndi chala kuti ugwirizane ndi pakamwa. Mawu ena anawaika pansi kwambiri, dzina la tsamba n'kuwaphimba, nabwerezanso. Madzulo pokwera minibasi ya ku Chowa maso ankakhala akuwawa ngati wasenda anyezi.

M'minibasi momwemo ndi momwe anaona chinthu chomwe chinamusangalatsa. Mayi wina amene anakhala naye mpando umodzi ankaonera vidiyo ya katemera ija, foni ili zii, akuwerenga Chibembacho milomo ikugwedera. Anaionera mpaka kumapeto, n'kuitumiza kwa wina. Vainess anabisa manja m'chitenje, mtima ukuseka.

Miyezi iwiri itatha, ziwerengero zinagwirizana ndi zimene anaonazo. Mavidiyo a Chibemba anthu ankakhala nawo nthawi yotalikirapo, ambiri kudutsa theka, ndipo ankawagawana kwambiri kuposa enawo. Si onse, imodzi inagwa chagada osadziwika chifukwa, koma kusiyana kunkaoneka ngakhale kwa munthu wosafuna kuona.

Ba Robson anavala magalasi, nayendetsa chala pafoni, navomera. Apa Vainess akanangotseka pakamwa. Koma munthu ukatopa nthawi yaitali, kenako n'kupambana, lilime limamasuka. Anawafotokozera za mayi wa m'minibasi uja.

"Sanayatse na volume, ba boss! Enze kubelenga chabe, mpaka last!"

Ba Robson anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"So bantu sibamvela voice?"

"Benangu bamvela."

"Ngati babelenga chabe, voice ni ya chani? Faka ka music. Manja yako, Chibemba pansi, ka music pamwamba. Ndiye vamene bachita ma page yakulu."

Vainess anayesa kuwauza kuti zimenezo sanaziyese. Anayesa mawu olembedwa, osati kuchotsa mawu a munthu, ndipo mayi mmodzi wa m'minibasi si Kabwe yense. Nanga alimi a kunja kwa tauni amene kuwerenga kumawavuta? Anapempha mwezi wina woti ayese nyimbozo.

"Ma test yakwana, mayo. Wawina, ufunanso chani?"

Zoona, anawina. Fridah anatsala pakauntala, wosangalala kuti sagwira nkhuku. Mavidiyo akadali a Vainess, ndipo kulemba Chibemba mzere ndi mzere kwasanduka ntchito yake ya sabata iliyonse.

Lolemba lotsatira anaimika foni kuseri kwa sitolo, nanyamula mwanapiye, nayamba mwachizolowezi: "Muli bwanji alimi anzanga, lelo tizakamba za…" Anaima. Anakumbukira kuti palibe adzazimve. Anabwezera vidiyo poyambira, nagwiranso mwanapiye uja, n'kujambula mpaka kumapeto ali chete.