Kanyumba ka Apongozi ndi Renda ya Boma

Nyumba imene ndinakuliramo ku Fingoe inali ya Mpwitikizi wina wamalonda. Iye atathawa pa ufulu boma linaitenga, ndipo bambo, amene ankabaya odwala jekeseni kuchipatala, anayamba kulipira renda mwezi ndi mwezi. Inali ya malata, yodontha pakona, koma mayi ankaikolopa ngati ya bwanamkubwa.

Nkhondo itafika ku Malowera, agogo, mayi awo a mayi, anatulukira wapansi atasenza mphasa ndi mphika umodzi. Apa panavuta. Mkamwini sagona nyumba imodzi ndi apongozi, ndipo bambo anali munthu wamanyazi zedi. Akaona agogo akubwera m'njira, ankalowa m'udzu ngakhale muli chitedze. Choncho anadula mitengo, anaphoma, anafolera, n'kuwamangira kanyumba kuseri. Awiriwa ankalankhulana kudzera mwa ine. "Uwauze bambo ako kuti chitseko chikulira," agogo ankatero, bambowo ali pomwepo.

Tsiku lina kunabwera kalata yoti renda yakwera. Zinthu zonse zinkakwera chaka chimenecho, koma yathu inaposa ya aphunzitsi oyandikana nafe, pamene nyumba zinali zofanana. Malipiro a bambo sakanakwanitsa. Kuchotsedwa m'nyumba nthawi imeneyo kunali kukagona pakhonde la sukulu limodzi ndi othawa nkhondo.

Mayi anamanga nsalu m'chiuno kuti akalalate ku ofesi. Ine mtima wanga ndi wa mayi, ndinali nditavala kale nsapato. Bambo anatiletsa.

"Mawu apakamwa amauluka, amayi a mwana. Atiyankhe polemba."

Anagula pepala la mizere lija lolemberapo madandaulo, anamatapo selo, sitampa ya boma, n'kulemba m'Chipwitikizi. Kenako anatimasulira. Anati kalata ailandira, sakukana kulipira, ndipo renda yakale apitiriza kupereka podikira yankho. Koma anapempha kuti awalembere mmene awerengera: kukula kwa nyumba kumene anayeza, gulu limene anaiikamo, ndiponso ngati anaganizira malipiro awo. Analemba makalata awiri ofanana, ina sekeretaliyo, mlembi wa ku ofesiko, anaidinda n'kuwabwezera.

"Ulemu wonsewu, ngati mukufunsira mbeta!" anatero mayi.

Yankho linachedwa, chifukwa mapepala ankapita ku Tete ndi kolona, magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Litafika, zonse zinali poyera. Gawo lina linali kukwera kwa aliyense. Gawo linalo linabwera chifukwa woyeza nyumba wa boma, atabwera bambo ali kuntchito, anawerengera kanyumba ka kuseri ngati chipinda cha nyumba ya boma. Ndipo amene anamuonetsa anali agogo enieniwo. Anamugwira dzanja, anamuzungulitsa, akunyadira kuti mkamwini wawo amadziwa kuphoma.

Bambo analembanso kuti kanyumbako anamanga okha ndi dothi. Sekeretaliyo anawauza mwaulemu kuti chilichonse chofoleredwa pa malo a boma chimawerengedwa. Akakagwetsa, renda itsika.

Ine pakamwa panga sipasunga kanthu, ndinakawauza agogo. M'mawa mwake ndinawapeza akukulunga mphasa.

"Uwauze bambo ako agwetse. Ndibwerera kwathu. Ndisawasowetse nyumba ana chifukwa cha pakamwa panga."

Kwathu ankanenako kunali kutapsa, ndipo onse tinkadziwa. Ndinathamanga kukawaitana bambo. Anabwera, anagwada kuseri kwa khoma, nkhope itayang'ana kumbali.

"Uwauze agogo ako kuti mkamwini amayenera kumanga kwa apongozi. Ine sindinamange, ntchito inandibweretsa kuno. Kanyumba aka ndi chikamwini changa. Sindigwetsa."

Sindinabwereze mawuwo. Agogo anali atamva kale.

Mlungu womwewo bambo anagulitsa njinga, anasiya fodya, mayi anayamba kuphika zitumbuwa zogulitsa kumsika uku akung'ung'udza kuti anakwatiwa ndi munthu wopempha kuti amulembere mavuto ake papepala. Koma mayi omwewo kalata ya yankho ija anaisunga m'Baibulo, ndipo mlendo aliyense ankamuonetsa. Ndinkawakonda onse awiri, ngakhale panthawiyo njinga ija inandipweteka kwambiri.

Madzulo ena bambo anabwera wapansi kuchokera kuchipatala, fumbi lili mpaka m'mawondo. Agogo anali pakhomo la kanyumba kawo akusenda chinangwa. Bambo anayamba kupatuka ngati masiku onse, ine ndinaimirira kudikira uthenga woti ndinyamule.

Agogo sanandiyang'ane n'komwe.

"Mwananga," anaitana, "madzi ndakutenthetserani. Bwerani mutsuke mapazi."