Dzina la pa kalata ya ku Rasha

Ndinaphunzira kuwerenga ndili kale ndi imvi, pa sukulu ya madzulo muno m'Matero, ndipo ndinkaganiza kuti manyazi oyang'ana pepala ngati mbuzi ndathana nawo. Koma tsiku limene kalata ya mwana wanga inatuluka m'makina osindikiza a pa kasitolo ka kumsika, ndinaigwira osadziwa kumene ikuyambira. Zilembo zina zinkaoneka ngati zathu, zina ngati zatembenukira kumbuyo. Chokhacho chimene ndinazindikira linali dzina la mkazi wanga, lolembedwanso m'zilembo zathu.

Mwana wathu wamkazi anapita ku Rasha kukaphunzira za udokotala, nakwatiwa komweko. Chaka chimenecho anali ndi pathupi poyamba, ndipo anafuna kuti mayi ake apite kukamusambitsira khanda. Ine sanandiitane. Mwanayu anachoka m'nyumba mwanga asanamalize sekondale, m'zaka zanga za mowa, ndipo amene anamusunga ndi mng'ono wa mkazi wanga ku Chazanga. Kuyambira pamenepo pa foni timangopatsana moni, kenako amati, "Apatseni amayi." Komabe ndinkalakalaka kumuona ndisanafe.

Pafupi ndi msika pali mkulu wina wokonza mafiliji, amene anaphunzira za makina ku Rasha ali mnyamata. Ndinamupititsira kalatayo, imene inali ya mapepala awiri. Anapukuta manja pa ovolosi, navala magalasi omanga ndi waya.

"Ba mudala, iyi yoyamba ni ya boma," anatero. "Mwana wanu anayenda ku ofesi yoona za alendo kupempha, bamuvomera. Apa ni dzina ya ba mayi, siku yobadwa, nambala ya pasipoti, masiku yamene bazankala. Apa ni dzina yake eve, na tauni, na nyumba."

Anandiwerengera dzina la msewu. Ndinayesa kulibwereza, iye n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Siyani, muzathyola mano yamene yasala."

Pepala lachiwiri linali lonjezo limene mwanayo analembera ofesi ija, nasaina. Mkuluyo anamasulira pang'onopang'ono, chala chili pa mzere. Mwana wanga analonjeza kuti mlendoyo adzagona pansi pa denga lake, adzadya zake, akadwala adzamuonera chithandizo, akangofika adzakamulembetsa kwa aboma, ndipo adzaonetsetsa kuti wabwerera masiku ake asanathe.

"Kuja mulendo ni katundu wa wamene amuitana," anatero. "Akalakwa mulendo, bafunsa mwine nyumba."

Ndinamupempha kuti abwerezenso mawu a denga ndi chakudya aja. Anabwereza, nandiyang'ana.

Tisanapite n'komwe kukapempha viza, mkazi wanga anagwa akuchapa. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapindika. Kuchipatala anati za ulendo tiiwale. Tinagwirizana tonse, ine, mlamu wanga wa ku Chazanga uja ndi azimayi a mpingo, kuti mwana asamve. Munthu wapakati sauzidwa zoopsa. Akaimba tinkati amayi apita ku mapemphero, kapena agona, mano awavuta.

Ndiye mlamu wanga anabwera ndi nzeru yake. Ndi mayi wochita malonda a zitenje, wozolowera mabasi a ku Nakonde, ndipo pasipoti anali nayo.

"Ba mulamu, vuto ili kuti? Mukulu akalephera, mufana ayenda. Ku maliro timachita so, ku ukwati timachita so. Si ndine mayi wake? Anakulira pa ndani?"

Funso lomalizalo ndinalimeza. Ndiponso zinkamveka. Kwathu uthenga ukabwera umabwerera banja, banja n'kusankha miyendo. Ine ndemwe ndinakaimirapo malume anga pa mlandu wa ukwati, ndipo palibe anafunsa chiphaso. Tinati mlamu akafika adzamufotokozera mwana pamaso, khanda litabadwa.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, ina mpaka kufupi ndi ofesi ya kazembe. Mlamu anavala diresi la ku tchalitchi, atanyamula zithunzi ndi mapepala ena onse mu emvulopu. Pa windo panali mayi wa kuno konkuno. Anayang'ana kalata, nayang'ana pasipoti, nayang'ananso kalata.

"Amayi, dzina ili si lanu."

"Ni ya bakulu banga. Mimba imodzi. Badwala, ndiye nabwera ine."

"Pepani. Kalatayi ndi ya munthu mmodzi ndi pasipoti imodzi. Wokuitanani analonjeza za munthu uyu, osati za inu."

Ndinalowererapo, ndikufotokoza kuti mng'ono wa mayi ndi mayi. Mayiyo anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndikudziwa, bambo, nanenso ndili nawo amayi aang'ono. Koma mwana wanu abwererenso ku ofesi ya kumeneko akapemphe ina, m'dzina la amene adzapite. Zimatenga milungu."

Pobwerera mlamu anadandaula njira yonse za dziko losadziwa chibale, mpaka kondakitala anati, "Ba mayi, sindine Rasha ine, lipilani chabe." Ine ndinkawerengera zina. Kalata yatsopano ikanafika khanda litabadwa kale, ntchito ya azimayi itachepa. Dzina linafunika latsopano. Pasipoti ndinali nayo, imene ndinatenga popita ku maliro a abale a atate ku Malawi, ndipo inali idakali ndi zaka. Kunyumba ndinauza mkazi wanga maganizo oti ndipite ine. Anandigwira ndi dzanja lamoyo lija, nati movutika, "Mufunseni mwanayo."

Tinayenera kudikira kuti mwana wathu abereke kaye, ndipo masiku amenewo anali olemetsa: kutembenuza wodwala, kuchapa, kunamiza mwana pa foni. Atabereka mwana wamwamuna, ndinamuimbira masana ena ndili pa khonde. Ndinamuuza zonse, za kugwa, za ulendo wa ku ofesi. Sanalire pomwepo. Anafunsa mankhwala amene amayi akumwa, ndipo ndinamuwerengera pa mabokosi chilembo ndi chilembo.

"Ndiye munandibisira," anatero.

"Unali ndi pakati."

"Ndine dokotala, atate."

Khanda linkamveka chapatali. Ndinati ku ofesi akufuna kalata ina, ya dzina lina. Kenako ndinanena zimene ndinakonzekera masiku onsewo.

"Ine pasipoti ndili nayo."

Anayankha ndi funso.

"Mukudziwa zimene ndimasaina pa pepala lija?"

"Anandiwerengera."

"Ndimalemba kuti munthuyo adzakhala m'nyumba mwanga, ndidzamusamalira, ndidzamuyankhira. Kuno si mawu ongonena. Sindinafike poti ndisaine zimenezo, atate. Mwina chaka china. Ndiponso amayi mungawasiyire ndani?"

Za amayi zinali zoona, koma anazinena pomaliza, ngati munthu woponya nsalu pa chinthu chimene chagwa.

"Ndamva," ndinatero.

"Amayi aang'ono ali pomwepo? Mundijambulire tsamba la pasipoti yawo, lija la chithunzi. Manambala aoneke bwino."

Mlamu anali m'nyumba, akudyetsa mkulu wake phala. Anatulutsa pasipoti m'chikwama, ndipo ndinaitsegula pa mpando wa pa khonde pomwe panali kuwala. Ndinaijambula ndi foni n'kutumiza. Chithunzi choyamba mwanayo anachibweza poti manambala sanaoneke, chachiwiri anachibwezanso. Chachitatu mlamu anandigwirira chigongono, ndipo uthenga unabwera woti chaoneka.