Maola Makumi Awiri ndi Anayi

Mkazi wanga anapita padera mimba ili ndi miyezi itatu. Tinali titadikira zaka zisanu. Tinachoka ku Kabwata m'mamawa, ndipo pokwana naini koloko anali atamulandira pa kachipatala kolipira ka ku Woodlands. Anamutsuka chiberekero, masana n'kutsitsimuka.

Ine ndine munthu wowerenga timalemba tating'ono ta pansi pa pepala, ndipo khalidweli ndinkanyada nalo. Tinali ndi inshulansi imene imapatsa munthu ndalama pa tsiku lililonse limene wagonekedwa m'chipatala. Ndinatuluka panja n'kuwaimbira foni. Mayi amene anayankha anandipepesa kaye mwaulemu. Anati vuto la mimba ngati ili amalipira, koma tsiku kwa iwo ndi maola makumi awiri ndi anayi athunthu chigonekedwere. Wolowa m'mawa n'kutuluka madzulo salandira kanthu.

Cha m'ma folo adokotala anabwera. Anati magazi anataya ambiri ndithu ndipo BP idakali yotsikirako, motero iwo akanakonda kumuona mpaka m'mawa. Koma ngati kunyumba kuli womuyang'anira, sangamukanize kupita.

Mkazi wanga anandigwira dzanja. "Tiyeni ku nyumba, imwe. Sinifuna kugona kuno."

"Ba dokota bakamba ati ugone," ndinatero. "Ni usiku umozi chabe."

"Bakamba ati ningayende."

"Ukachoka manje ba inshulansi sibazalipila. Mailo na teni ninshi yakwana."

Anandisiya dzanja n'kutembenukira kukhoma. Ndinadziuza kuti ndikutsata mawu a dokotala. Linali bodza. M'mutu mwanga munali maola basi, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Chimene sindinafunse n'chakuti akagona kuti. Kachipatalako kanali ndi chipinda chimodzi chokha cha amayi ogonekedwa. Nthawi ya alendo itatha ndinakwera minibasi, ine wanzeru, osaona n'komwe chipindacho.

M'mawa anamutulutsa itadutsa teni. Inshulansi inalipira popanda vuto. Nditamuuza anangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kusita. Ankaphika, ankapita ku ntchito, ku tchalitchi tinkakhala benchi imodzi, koma ndikalimba mtima n'kumufunsa za tsiku lija ankanyamuka. Akamva mutu ankauza mkulu wake wa ku Libala, osati ine.

Panapita chaka. Loweruka lina tikuchokera ku msika, tinapezana ndi mayi atabereka khanda, ndipo mkazi wanga anaima pakati pa njira. Anayankhula osandiyang'ana.

"Muziba bamene benze pa bedi ya pafupi na ine ku chipatala kuja? Benze babeleka mwana mwamuna kuseni kwamene kuja. Banafuna kuyenda kusamba, banipempha ati, mami, nigwililenkoni mwana."

Ndinafunsa zopusa, kuti iye anatani.

"Nenze kuchita bwanji? Ninamunyamula. Anagona pa chifuba panga mpaka bamake banabwela kumutenga."