Mizere Itatu ya Mayi Aang'ono

Agogo amene anandilera makolo anga atamwalira ankati ndili ndi maso ambiri kuposa pakamwa. Nditamaliza Fomu 4 ndinayamba kutayipa makalata m'kashopu kena pa Chintheche. Aliyense wofuna ntchito ankalembetsa zofanana pamwamba pa CV: "passionate", "results-driven", wolimbikira, wokhulupirika. Ndinkangosintha dzina.

Tsiku lina kunabwera mayi anga aang'ono, chitsirizira cha agogo. Loji ina ku Kande inkafuna woyang'anira sitolo ya katundu, ndipo ntchitoyo inali ndi nyumba yake. Nyumbayo ndi imene ankaifuna. Amuna awo ankawamenya.

"Undiikire mawu aja umaikira anzako," anatero.

"Mawu aja ali pa pepala la aliyense, amama. Wowerenga amangowadumpha. Tandiuzani zimene mumachita."

"Ine? Palibe. Ndimangokhala kunyanja."

Koma ine ndinali nditaona. Ndinalemba mizere itatu: kuti kwa zaka zinayi ayendetsa okha boti ndi khoka la chilimira, kuti amagawira alovi, asodzi a pabotipo, asanu ndi anayi ntchito, mafuta ndi chakudya tsiku lililonse, kuti amayanika usipa ndi kuutumiza kwa ogula a ku Mzuzu. Nditawamasulira anaseka, dzanja pakamwa.

"Iwe, ameneyu ndine?"

Mawa lake masana amuna awo analowa m'shopu pepalalo lili m'manja, akununkha kachasu. Mayi aang'ono ankabwera m'mbuyo akuthamanga, mlomo utatupa kale.

"Okha? Boti ndi la ndani? Ukuuza dziko kuti ine ndine mtembo?"

"Ndalemba zimene ndimaona, bambo."

Khofi loyamba linandigwetsa pampando. Anandigwira tsitsi n'kumenyetsa nkhope yanga pa tebulo. Ndinamva dzino likuthyoka, magazi n'kudontha pa kiyibodi.

"Kamwana kamasiye kopanda mwambo! Fufuta! Ulembe wolimbikira basi, ngati anthu ena onse!"

Mayi aang'ono atawakoka malaya, iwo anatembenuka n'kuwaponda pamimba, kenaka m'nthiti. Ndinanyamula sitepula yaikulu n'kumenya nayo bambowo kukhutu. Makondakitala awiri a minibasi analowa, n'kuwakokera kunja atawapotokola mkono, iwo akutukwanabe.

Tinakhala pansi tonse awiri, tikupuma movutika. Pepala linali litang'ambika.

"Ndifufute?" ndinafunsa. Mawu ankatuluka mopotoka chifukwa cha dzino.

Anayang'ana kompyuta nthawi yaitali, dzanja lili panthiti.

"Alovi si asanu ndi anayi. Ndi khumi. Konza pamenepo, usindikize."

Anakwera minibasi ya ku Kande tsiku lomwelo, osadzera kunyumba. Poyankhulana nawo, bwana wa lojiyo anangofunsa mmene amagawira mafuta nyengo ya mphepo ya mwera, boti likamalephera kulowa m'nyanja. Anayankha mpaka bwanayo anawadula. Makiyi a sitolo anawalandira sabata yotsatira, nthiti zikadali zomanga.