A Zimitsani ndi Makina a Atelala

Bambo anga anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Agalu anawaluma kasanu ndi kawiri, nsapato anatha zosawerengeka, ndipo ankadzitama kuti sanalakwitsepo nambala ngakhale imodzi. Atapuma pantchito anasowa mita yoti aziyiyang'anira, ndiye anagwera ya magetsi ya m'nyumba mwathu. Tinaziona.

Mita yake ndi ija yolipiriratu. Umagula mayunitsi, amakupatsa manambala makumi awiri, n'kuwadina pakabokosi kapakhoma. Akalowa, kabokosiko kamaonetsa mayunitsi amene uli nawo. Mukamagwiritsa ntchito magetsi nambalayo imatsika, ikafika pa ziro, phi, mdima. Palibe kuchonderera. Ogula ndinali ine, chifukwa banja litandikanika ndinabwerera pakhomo, koma odina anali bambo okha. Ankavala magalasi, kutsokomola kaye, n'kumadina nambala imodziimodzi, ife tonse tili chete ngati tili pamaliro.

Dzina loti a Zimitsani anawapatsa ndi anthu apamzere pathu, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankamveka kuchokera kwathu tsiku lonse. Ukatuluka m'chipinda kukatenga chipeso, pobwera upeza azimitsa. Tchaja cha foni ankachizula ngati azula minga. Babu la pakhonde ankaligulula m'mawa n'kuliika m'thumba la jekete, mpaka tsiku lina analikhalira m'basi. Amayi anga, amene akhala nawo zaka makumi anayi, ankangoti, "Asiyeni. Mukawaletsa mita ayamba kuwerenga ife."

Kuseri kwa nyumba kuli chipinda chimene timachititsa lendi, ndipo magetsi ake amadzera pa mita yomweyi. Munalowa mayi wina wosoka, wamasiye, wa ana awiri apasukulu. Tonse tinkangoti Atelala. Anabwera ndi bedi, mbale zochepa ndi makina osokera amagetsi amene anawasiyira malemu amuna awo. Makinawo anali okalamba komanso aphokoso. Akaponda, trrrr, mawindo ankanjenjemera.

Mwezi womwewo mayunitsi anayamba kuthamanga. Amene ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi anayamba kuthera pakati.

Ine ndinanena zimene ndinkadziwa. Ndinawaonetsa bambo uthenga wa pafoni kuti mtengo wa yunitsi unakwera, ndiponso kuti pa ndalama imene timapereka amayamba achotsapo msonkho, yotsalayo ndiyo imasanduka mayunitsi. Ndalama yomweyomweyo inkagula ochepa kuposa chaka chatha. Bambo anavomera, koma anatulutsa kabuku kawo momwe ankalembamo nambala ya pa mita m'mawa uliwonse.

"Zogula ndamva," anatero. "Koma taona zodya. Kale patsiku tinkadya asanu ndi limodzi. Pano khumi ndi limodzi. Asanu enawa akupita kuti?"

Nthawi yomweyo kuseri kunamveka trrrr. Bambo anakweza chala.

"Wamva? Ndi mayunitsi anga amenewo akulira."

Chiphunzitso cha bambo chinali chakuti chinthu chikamapokosera ndiye kuti chikudya kwambiri. Poyamba anakagulula babu la m'chipinda cha Atelala, ati masana kuli dzuwa, madzulo agone msanga. Mayi uja anakokera makina pafupi ndi zenera, ana n'kumalemba za kusukulu pa kandulo. Ine zinandiwawa, ndipo ndinanena, koma bambo akagwira mfundo ngakhale mutaitana abusa. Mayunitsi sanasinthe. Lolemba lina anakagogoda kuseri n'kuwauza kuti mwezi ukatha asamuke.

Kunali kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Makasitomala onse a Atelala anali atazolowera pakhomo pathu, sukulu ya ana inali pafupi, ndipo chipinda cha mtengo umenewo sakanachipeza kwina. Ndinawapeza atakhala pabedi, tepi yoyezera ili m'khosi, akungoyang'ana khoma.

Lachisanu m'mawa anabwera kukhomo lakumaso atanyamula makina aja pamutu. Anawatsitsa patebulo la pabalaza, chingwe atachikulunga bwinobwino.

"Bambo," anatero mwaulemu, "makinawa agone kuno mpaka mawa. Muwasunge inuyo. Mukawerenga mita mawa, muone ngati mayunitsi apuma."

Bambo anasangalala ngati agwira wakuba. Makinawo anawafunditsa nsalu, analemba nambala m'kabuku, ndipo tsiku lonse anakhala pampando moyang'anizana nawo. Loweruka m'mawa anavala magalasi, anayang'ana mita, anayang'ana kabuku, anayang'ananso mita. Apita khumi ndi theka.

"Ndiye mwapeza bwanji, bambo a ana?" anafunsa amayi.

"Mitayi inazolowera," anayankha bambo. "Ikudya mwachizolowezi."

Ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa. Bambo anandiyang'ana diso loti ndikumbukire kuti nanenso ndimakhala pakhomopo mwachisomo.

Mwamwayi, cha m'ma teni kunafika bambo wina wokonza zamagetsi, amene anthu amati a Mawaya. Anabwera kudzatenga ovololo yawo imene anasiya kwa Atelala kuti aiike zipi. Anaipeza yosasoka, makina ali mu ukaidi pabalaza. Atamva nkhani yonse anapukusa mutu, napempha kuti aone mita.

"Madala," anatero kwa bambo, "mukukaona kagetsi kofiiraka? Pa mita yanuyi palembedwa kuti kakaphethira ka chikwi chimodzi, yunitsi imodzi yapita. Katundu akamakoka kwambiri, kamaphethira msanga. Tiyeni tizimitse zonse."

Pa ntchito yozimitsa bambo safuna wowathandiza. Mphindi imodzi isanathe, firiji, wailesi, zonse zinali zii. Tinaunjikana pakhoma. Kagetsi kaja kanali kakuphethirabe, phethi, phethi, phethi, kosapuma.

"Mwaona!" anatero bambo. "Mita yakuba."

A Mawaya anatsegula bokosi la masiwichi n'kugwetsa imodzi. Kagetsi kanaima.

"Iyi ndi ya giza," anatero.

Giza ndi thanki yotenthetsa madzi imene achimwene anga anaikitsa m'siling'i chifukwa cha maondo a amayi. Bambo sankaiwerengera n'komwe. Siioneka, siilira, ndiye kwa iwo inali yosalakwa.

A Mawaya analumikiza makina a Atelala pabalaza pomwepo nawauza kuti aponde. Trrrr, makapu m'kabati kugwedera. Kagetsi kanaphethira kamodzi, tinadikira, tinadikira, pafupifupi theka la mphindi, ndiye kanaphethiranso.

"Makinawa atasoka maola khumi osaima, ndi yunitsi imodzi," anatero a Mawaya. "Giza yanuyi yunitsi imodzi imaimeza pa theka la ola. Zodya magetsi ndi zotenthetsa, madala: giza, ayironi, ketulo, mbaula. Babu ndi tchaja mukungozivutitsa."

Bambo sanagonje msanga. Anati giza yakhalapo zaka zitatu, nanga bwanji iyambe dyera pano? A Mawaya anavomera kuti funsolo ndi labwino. Anati giza madzi akatentha imadzizimitsa yokha, imayakanso pokhapokha akazizira kapena mukalowa ozizira. Ndiye anafunsa ngati pali paipi yodontha penapake.

Amayi anatsokomola. Bambo anayamba kupukuta magalasi.

Tinapita kubafa tonse, mzere. M'bafamo munali ndowa yaikulu pansi pa mpopi wa madzi otentha, madzi akugwa tho, tho, tho, mothamanga ndithu. Pambali panali zina ziwiri zodzaza. Ine ndowazo ndinkaziona tsiku ndi tsiku, ndinkatungamo pochapa, koma ndinkangoti ndi zochita za bambo.

Ndiye zinaululika. Mwezi umene Atelala anabwera, madzi anakwera mtengo. Bambo, ndi nzeru zawo za zaka makumi atatu ndi chimodzi, ankadziwa kuti mita yakale ya madzi ngati yathu siimva bwino dontho, madzi akamayenda pang'onopang'ono singano yake imachita ulesi. Ndiye anatsegula mpopi pang'ono, usana ndi usiku, n'kumakolola ndowa zisanu patsiku zochapira ndi kuthirira maluwa a amayi. Munthu amene moyo wake wonse ankagwira anzake ochita zomwezo.

"Nanga bwanji mpopi wa madzi otentha?" ndinafunsa.

"Wa ozizirawo ndi wolimba, sudontha mwadongosolo," anatero bambo, mawu atatsika. "Komanso madziwa amafika ozizira. Gwira uone."

"Amazizirira m'paipi, poti akuyenda pang'onopang'ono," anatero a Mawaya. "Koma m'thankimo achoka otentha, ndipo dontho lililonse likatuluka mumalowa lozizira, giza n'kumayaka kawirikawiri. Ndowa imodzi yotere ndi pafupifupi yunitsi imodzi. Mwati ndowa zingati patsiku?"

Mayunitsi asanu aja anali atapezeka, ali m'ndowa, maluwa a amayi akumwa madzi owiritsa.

Ine mkamwa munadzaza mawu. Ndinkafuna kunena za kandulo ya ana aja, za tchaja changa, zonse. Koma nditawayang'ana bambo ndinaleka. Anali ataima ndi kabuku kawo m'manja, nambala zonse zolondola, tsiku ndi tsiku, ndipo nkhope inali itagwa. Sindinawaonepo atachepa chonchija. Anatambasula dzanja n'kutseka mpopi uja, mwamphamvu, mpaka unalira.

A Mawaya anatsanzika mwachangu, ati ovololo adzatenga Lolemba. Atelala anayamba kukulunga chingwe kuti asenze makina awo.

"Asiyeni," anatero bambo.

Anawanyamula okha, msana wawo wovuta uja, akukana aliyense wofuna kuwathandiza. Anazungulira nyumba pang'onopang'ono, ife tikutsatira m'mbuyo. Atafika kuseri anawaika patebulo pafupi ndi zenera. Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa babu. Anakwera pampando, amayi atagwira miyendo ya mpandowo, analibwezera pamalo pake, natsika, nadina siwichi. Linayaka, dzuwa lili pamutu.

"Mayi," anatero, osawayang'ana kumaso, "za kusamuka zija muziiwale. Ndinawerenga bwino, koma ndinaloza nyumba yolakwika. Pepani."

Atelala anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Zikomo, bambo. Koma poti kunja kukuwala, ndizimitse kaye?"

Dzanja la bambo linali litanyamuka kale lokha kupita pa siwichi. Analiona, analibweza, naliika m'thumba.

"Lisiyeni liyake," anatero. "Ana alembe."