Mzere wa Pansi

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu mu ofesi yowerengera anthu, koma iwo sanawerengepo munthu ndi mmodzi yemwe. Owerenga anali ena, oyenda khomo ndi khomo pa nthawi ya kalembera. Bambo ankangolandira manambala ali okonzeka kale, n'kuwasandutsa zithunzi zopachika pakhoma. Anzawo ankawatchula kuti a Rula, chifukwa rula yachitsulo sinkachoka m'thumba la jekete lawo, ngakhale popita kumaliro. Makompyuta atabwera anaphunzira nawo movutikira, koma chithunzi chilichonse ankachijambulabe ndi pensulo papepala lopyapyala loonekera, ati makina salakwa koma saganizanso.

Chithunzi chimene ankachikonda kwambiri ndi chija amachitcha piramidi. Ine ndinachidziwa ndisanadziwe kuchapa zovala zanga. Chimakhala mizere yopingasa yosanjikizana, uliwonse ukuimira anthu a misinkhu ya zaka zisanu. Wa pansi penipeni ndi wa makanda ndi ana osakwana zaka zisanu, wotsatira ndi wa zaka zisanu mpaka zisanu ndi zinayi, kumangokwera choncho mpaka kwa nkhalamba pamwamba. Amuna amakhala kumanzere, akazi kumanja. Mzere ukatalika ndiye kuti a msinkhu umenewo ndi ambiri. Dziko lathu linali lotambalala pansi, lowonda pamwamba, ndipo bambo ankati tonse tikukwera makwerero amodzi, sitepe imodzi pa zaka zisanu zilizonse. Mayi ankawaseka kuti anakwatira mapepala, iwo anangobwera ngati mkazi wachiwiri.

Ine ndinakula n'kukhala mzamba pachipatala cha m'tauni mwathu. Chipinda chobadwitsira chili ndi mabedi khumi ndi awiri, koma patsiku timalandira amayi oposa makumi atatu. Otsalawo amagona pakhonde, pa matiresi, ena pansi penipeni. Azamba timakhala awiri pa shifiti. Chimene chinkatilimbitsa mtima n'chakuti chaka chilichonse sukulu ya azamba, imene ili kuseri kwa chipatala, inkatipatsa atsopano atatu kapena anayi, ndipo ophunzira ake ankabwera kudzatithandiza manja. Popanda sukulu imeneyo tikanagwa kalekale.

Kalembera watsopano atatha, bambo anajambula piramidi ya dziko lonse, yaikulu ngati chitseko. Inatuluka ndi chachilendo. Mzere wa pansi, wa ana osakwana zaka zisanu, unali waufupi kuposa wa pamwamba pake. Mabwana anakondwa kwambiri. Anati anthu ayamba kubereka ana ochepa, choncho azamba amene alipo akwanira. Pasanathe miyezi iwiri tinamva kuti komiti ina ya boma ikumana Lachisanu kuti itseke sukulu zitatu za azamba, ndipo yathu inali pa mndandandawo. Umboni wake unali chithunzi cha bambo anga, chokhala ndi zilembo za dzina lawo pakona.

Ndinapita kwawo Lolemba nditaweruka, yunifolomu isanachoke m'thupi. Sindinawalonjere bwino. Ndinavula nsapato n'kuwaonetsa mapazi anga otupa, ndipo ndinawafunsa kuti ana akuchepawo akuchepera kuti, poti kwathu akubadwira pakhonde. Ndinawalankhula mawu oti mwana sauza kholo, ndipo mpaka lero amandiwawa ndikawakumbukira. Iwo anakwera pampando, n'kutsitsa pamwamba pa kabati mpukutu wa mapepala a kalembera wa zaka khumi zapitazo.

Anayamba ajambulanso zithunzi zonse ziwiri pa muyeso umodzi, wa chiwerengero chenicheni cha anthu, kuti sentimita ya chakale ifanane ndi sentimita ya chatsopano. Kenako anaika pepala lakale loonekeralo pamwamba pa latsopano, n'kulikankhira m'mwamba masitepe awiri, chifukwa pa zaka khumi aliyense amakwera mizere iwiri. Makanda a kale aja anagwera pa mzere wa zaka khumi mpaka khumi ndi zinayi. Anayeza ndi rula. Kale mzerewo unali masentimita asanu ndi anayi, tsopano unali khumi. Anayezanso kachiwiri.

“Mwanawe, gulu la ana likamakula limachepa, chifukwa ena amamwalira,” anatero. “Silingachuluke, pokhapokha atabwera ochokera kunja, ndipo palibe amene anatibweretsera ana ochuluka chonchi. Awa analipo kale. Sitinawalembe.”

Anandifotokozera mmene zimakhalira. Wolemba amafika pakhomo dzuwa likuswa mtengo, n'kufunsa kuti muli anthu angati muno. Mayi amatchula mwamuna wake, ana a kusukulu, mlamu wake, koma khanda lili kumsana amaliiwala, kapena saliyesa n'komwe munthu woti n'kulembedwa m'buku la boma. Mwana wa zaka zinayi wotalikirapo amangoti ali ndi zisanu. Ndiye mzere wa pansi umatuluka waufupi. Ngati zinachitika kale, panalibe chifukwa choganizira kuti sizinachitikenso.

Panalinso china chachikulu kuposa pamenepa. Anandilozera kumanja, kwa akazi. Mizere ya atsikana a zaka zisanu mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inali yotalika kuposa ya amayi amene akubereka panopa. Atsikana amenewo anabadwa kale, palibe amene angawafufute. Pa zaka khumi kapena khumi ndi zisanu adzakhala atakwera pa msinkhu wobereka. Ngakhale aliyense atadzabereka ana ochepa kuposa mayi ake, amayi adzakhala ochuluka kwambiri moti ana obadwa pachaka adzachulukabe. Ndinayang'ana mizereyo. Ndinkaona mabedi athu khumi ndi awiri.

Lachiwiri bambo anapita kwa bwana wawo, mnyamata wophunzira kwambiri, wa ulemu wake ndithu. Bwanayo anawamvetsera, n'kuvomera kuti makanda amasiyidwa pa kalembera, zimenezo n'zodziwika, ndipo akatswiri adzakonza manambalawo mu lipoti lalikulu chaka chamawa. Anatinso n'zoona kuti amayi ayamba kubereka ana ochepa, ndipo pamenepo sananame. Bambo anati sukuluyo itsekedwa Lachisanu lino, osati chaka chamawa. Bwanayo anati za sukulu si za ofesi yawo, iwo amangopereka manambala.

Lachitatu bambo analemba kalata ya masamba awiri n'kukaisiya kwa mlembi wa wapampando wa komiti. Mlembiyo anaiika pansi pa mulu wa makalata ena, iwo akuona. Lachinayi anakhala pa benchi kunja kwa ofesiyo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, mpukutu uli pamiyendo, osadya kanthu. Wapampandoyo anatulukira khomo lina. Mayi anandiimbira foni kuti bambo ako akuyankhula okha, akuyeza tebulo ndi rula, bwera udzawaone. Sindinathe kupita, chifukwa mnzanga anali atakomoka pantchito ndipo ndinali ndekha.

Lachisanu ntchito ya bambo inali yongopachika chithunzi m'chipinda cha msonkhano, n'kutuluka. Zimene zinachitikamo anandiuza mayi wina wogawa tiyi kumeneko. Akuti anapachika bwinobwino, koma sanatuluke. Anaima pakona ngati mlonda mpaka onse atakhala. Munthu wina atatenga ndodo n'kuloza mzere wa pansi, bambo anayenda kupita kutsogolo, munthu amene pa zaka makumi atatu sanayankhulepo mu msonkhano osafunsidwa. Anafunyulula pepala lawo lopyapyala, n'kulikanikiza pa chithunzicho ndi zikhatho zonse ziwiri.

“Pepani mabwana, chithunzichi ndinajambula ndine, ndipo mukuchiwerenga kuchokera pamalo amene sitingawakhulupirire,” anatero. “Musayang'ane pansi pokha. Yang'anani atsikana awa. Akubwera.”

Wapampando sanawathamangitse. Anawalola kufotokoza mpaka kumaliza, anaimirira n'kuyeza yekha ndi rula ija, ndipo anafunsa kuti ana amene sanalembedwe ndi angati. Bambo anali munthu wosadziwa kunama. Anati sangatchule nambala yeniyeni, mwina mmodzi pa khumi aliwonse, mwina kuposa, pakufunika kufufuza. Wina anati komiti singayendere mwina. Wina anati kalata zopita ku sukuluzo zinasainidwa kale, msonkhanowu ndi wongotsimikizira. Wapampando anawathokoza chifukwa cha khama lawo, n'kulamula kuti mfundo yawoyo ilembedwe kuti idzaonedwenso pakatha zaka zisanu. Kenako anawapempha mwaulemu kuti achotse pepala lawo, likutchinga chithunzi.

Kuchipatala tsiku limenelo kunali kothina kuposa masiku onse. Mvula inali itagwa m'mawa, ndipo amayi anadzaza khonde lonse, ena atatsamira khoma, ena atagwada. Ndinkalumpha miyendo ya anthu popita kukatenga magolovesi. Cha m'ma thu koloko ndinawaona bambo ataima pakhomo la khondelo, jekete itanyowa, mpukutu uli m'khwapa. Anali asanalowepo kuntchito kwanga chiyambire. Ankayang'ana amayiwo mmodzimmodzi, milomo ikugwedera, ndipo ndinadziwa kuti akuwerenga.

“Atseka,” anatero nditawafika pafupi. “Ndayesetsa, mwanawe. Undikhululukire.”

Ndinkafuna kuwagwira dzanja, kuwauza kuti wolakwa ndine pa zimene ndinanena Lolemba. Koma kumbuyo kwanga mtsikana wina amene anabereka m'mawa anali atayamba kutaya magazi pa matiresi, ndipo mnzanga anali m'kati ndi wina amene mwana anali atayamba kutuluka. Ndinagwada, n'kumubaya diripi pamkono. Zopachikira diripi zonse zitatu zinali ndi eni ake. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe ndi msomali womwe pakhoma.

Ndinawalanda mpukutu uja n'kuuponya pawindo, ndipo ndinawapatsa thumba la diripi m'manja.

“Kwezani mkono, bambo. Musatsitse mpaka nditabwera.”

Anatembenukira kukhoma kuti asaone thupi la mtsikanayo, n'kukweza mkono. Ndinamusisita pamimba ndi kumubaya jakisoni mpaka magazi anachepa, kenako anandiitana kwina, kenako kwinanso. Ndinabwera kudzasintha thumba kawiri. Pamene ndinkabwera kachitatu dzuwa linali litapendeka. Mkono wa bambo wakumanja unali utatopa, ndiye anauchirikiza pachigongono ndi dzanja lamanzere, ndipo unali udakali m'mwamba.